Chikalata chosiyira mnzanu ntchito ya kilaudi: mulembemo chiyani, musiye chiyani?

*Funso: Ndikusiya ntchito kumapeto kwa mwezi uno. Kwa zaka zinayi ndakhala ndikuyang'anira ndekha makina athu onse a pa kilaudi ya Amazon yotchedwa AWS, ndipo abwana akuti ndilembe chikalata choti wondilowa m'malo adzagwiritse ntchito. Ndilembemo chiyani za maakaunti, netiweki ndi mabakapu? Nanga mapasiwedi ndiwalembe momwemo?*

Mapasiwedi ayi, musalembemo ngakhale imodzi. Chikalata chotere chimayenda kwambiri: mudzachitumiza pa imelo kwa abwana, iwo adzapatsira a kuofesi ya antchito, wina adzachisindikiza, ndipo chaka chamawa ofufuza mabuku a zachuma adzapempha kuti achione. Pasiwedi yomwe yalembedwa mmenemo ndiye kuti yafika m'manja mwa anthu onsewa. Chikalata chingonena komwe chinsinsi chilichonse chikusungidwa, amene ali ndi chilolezo chochitsegula, ndi tsiku lomwe chinasinthidwa komaliza. Za malo osungirawo ndifotokoza kutsogoloku.

Musavutikenso kulemba mndandanda wa maseva onse ndi kukula kwake. Zimenezo mnzanuyo adzaziona yekha akalowa mu AWS, ndipo mndandanda wanu udzakhala utakalamba pakangotha mwezi. Zomwe sangazione pa sikirini ndi ziwiri: chifukwa chimene zinthu zinakonzedwera momwe zililimo, ndi zinthu zomwe zamangirira pa inu monga munthu. Munthu akagwira ntchitoyi yekha kwa zaka zinayi, dzina lake, imelo yake, foni yake ndi makiyi ake zimalowa m'malo ambiri amene iye mwini anaiwala kalekale. Tsiku lomwe akaunti yanu idzatsekedwe, zonsezo zidzaima. Ndiye musanayambe kulemba, fufuzani kaye malo amenewo, ndipo chikalata chanu chikhale lipoti la zomwe mwapeza ndi mmene mwazichotsera pa dzina lanu.

Yambani ndi akaunti ya root, chifukwa ndiyo mwini wa zonse. Akaunti iliyonse ya AWS ili ndi nambala ya manambala 12 komanso imelo imodzi yomwe inagwiritsidwa ntchito poitsegula. Lembani nambalayo, imeloyo, ndi ntchito ya akauntiyo. Ngati muli ndi maakaunti angapo pansi pa AWS Organizations, nenani momveka kuti yaikulu yolipira mabilu ndi iti, chifukwa imeneyo ndiyo imalamulira zinzake. Tsono dzifunseni: kodi imelo ya root imafika kwa yani? Kawirikawiri imakhala imelo yakuntchito ya amene anatsegula akauntiyo, ndipo nthawi zina imakhala Gmail yake yeniyeni. Izi n'zoopsa chifukwa munthu akaiwala pasiwedi ya root, AWS imatumiza uthenga wosinthira ku imelo imeneyo. Chipangizo cha MFA, chija chotsimikizira kachiwiri kuti wolowayo ndi mwini wake, chikatayika, njira yolowera ndi kutsimikiza kudzera pa imelo yomweyo kenako kuyankha foni yomwe AWS imayimba pa nambala yolembedwa mu akauntiyo. Wogwira imelo ndi nambala imeneyo ndiye wagwira akaunti, kaya mapepala a bungwe akunena zotani. Ngati nambalayo ndi ya simukhadi yanu yomwe mudzapite nayo, isintheni musanachoke, muikepo nambala ya ofesi. Imelo nayo ikhale ya gulu, yofika kwa anthu awiri kapena atatu, osati ya munthu mmodzi.

MFA ya root nayo imakonda kukhala pa foni ya mwini ntchito. AWS imalola kulembetsa zipangizo za MFA zokwana 8 pa root, choncho palibe chifukwa choti chikhale chimodzi. Lembetsani ziwiri zosadalira inu, mwachitsanzo kakiyi ka USB kosungidwa mu sefa ya ofesi ndi foni ya mkulu wina wa bungwe. Muyese kulowa ndi chilichonse mwa ziwirizo, kenako muchotse chanu. Mukachotsa chanu musanayese zatsopanozo, mungadzitsekere panja nonse. M'chikalata mulembenso kuti root sigwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku, koma pa zinthu zochepa zomwe zimafuna iyo yokha, monga kusintha imelo yake, kutseka akaunti, kapena kubwezera mphamvu adimini amene wadzilanda yekha zilolezo molakwitsa.

Pa tsamba la Account pali malo otchedwa Alternate contacts, okhala ndi magawo atatu: Billing, Operations ndi Security. Onani ngati dzina lanu lili pamenepo. Onaninso khadi lolipirira: ndi la yani, litha ntchito mwezi uti, ndipo malipiro akakanika uthenga umafika kwa yani. Kwa bungwe lolipira kuchokera ku Malawi, komwe kulipira m'madola kumadalira kuti banki yalola, mzere umenewu ndi wofunika kuposa momwe umaonekera. Bilu ikapanda kulipidwa kwa nthawi, AWS imaimitsa akaunti, ndipo machenjezo ake amakhala akupita ku imelo yomwe palibenso akuiwerenga. Lembani ndalama zomwe mumalipira pa mwezi wabwinobwino kuti mnzanuyo adziwe pamene bilu yakwera modabwitsa.

Tikatsika pa root timafika kwa anthu ndi makina omwe amalowa kudzera mu IAM, gawo la AWS loyang'anira olowa ndi zilolezo zawo. Apa musadalire mutu wanu. AWS imatulutsa lipoti la onse:

```
aws iam generate-credential-report
aws iam get-credential-report --query Content --output text | base64 --decode
```

Mzere uliwonse ndi wolowa mmodzi. Yang'anani `mfa_active`, `password_last_used`, `access_key_1_last_used_date` ndi `access_key_1_last_used_service`. Pa mzere wa `<root_account>` pasakhale kiyi wogwira ntchito, uja amene mapulogalamu amalowera naye. Ngati alipo, fufuzani chomwe chikumugwiritsa ntchito n'kumuchotsa. Pa dzina lina lililonse lembani m'chikalata chiganizo chimodzi chonena kuti ndi munthu kapena makina, ndipo ngati ndi makina, kiyi wake anaikidwa pa seva iti. Dzina lomwe simungathe kulifotokoza mulembe mosabisa kuti simukudziwa ntchito yake, pamodzi ndi tsiku lomwe linagwira ntchito komaliza. Zimenezo zimamuthandiza mnzanuyo kuposa kungolidumpha. Ngati anthu amalowa kudzera mu IAM Identity Center, dziwani kuti iwo saoneka mu lipoti limeneli, ndiye muwalembe padera ndi kunena komwe maina awo amachokera, kaya ndi Google Workspace kapena Microsoft Entra ID.

Mzere wofunika kuuyang'anitsitsa ndi wanu. Tiyerekeze kuti lipoti likuonetsa kuti kiyi wanu anagwira ntchito lero pa 02:00, pa `s3`. Nthawi za mu lipotili ndi za UTC, ndiye kwathu kuno inali 4 koloko m'bandakucha, inu muli mtulo. Pali china chake chomwe chikugwira ntchito m'dzina lanu. Kawirikawiri imakhala sikiriputi yomwe munailemba chaka choyamba: `cron` imaidzutsa usiku uliwonse, imakopera detabesi ndi `pg_dump`, n'kutumiza fayiloyo ku baketi ya pa S3, malo osungira mafayilo a AWS, pogwiritsa ntchito kiyi yemwe ali mu `~/.aws/credentials` pa sevayo. Mukachoka, kiyi wanu adzazimitsidwa monga mwa lamulo. Usiku wotsatira sikiriputi idzalandira yankho lakuti `InvalidAccessKeyId` n'kulephera, koma palibe adzadziwe, chifukwa webusaiti ikuyenda bwinobwino ndipo uthenga wa kulepherako ukupita ku imelo yanu yotsekedwa, kapena sukupita kulikonse. Choipa kwambiri n'chakuti ngati baketiyo ili ndi lamulo la Lifecycle lofufuta mafayilo opitirira masiku 30, lamulolo silidalira kiyi wanu. Lidzapitiriza kufufuta akale tsiku ndi tsiku pomwe atsopano sakubwera. Pakangodutsa mwezi, baketi idzatsala yopanda kanthu.

Kukonza kwake si kupatsa sikiriputiyo kiyi wa mnzanuyo, chifukwa nayenso adzachoka tsiku lina. Pangani IAM Role yokhala ndi chilolezo cholemba mu baketi imodziyo basi, muilumikize ku seva ya EC2, kenako muchotse kiyi wanu mu fayilo ija. Kuchotsako n'kofunika, chifukwa pulogalamu ya `aws` imayamba yayang'ana mu fayiloyo isanafunse Role ya seva, ndiye kiyi wakale akatsala imapitiriza kugwiritsa ntchito iyeyo. Kuti mutsimikize, lowani ngati wogwiritsa ntchito yemwe `cron` imayendera m'dzina lake, mulembe `aws sts get-caller-identity`. Yankho likhale ndi mawu akuti `assumed-role`, osati `user/` wotsatiridwa ndi dzina lanu.

Mwina pali malo ena omwe kiyiyo anaikidwa: mu GitHub Actions, mu pulogalamu yotumiza maimelo, pa kompyuta ya kampani yomwe inakupangirani webusaiti. Njira yowatulukira onse ndi kumuzimitsa inu mukadalipo:

```
aws iam update-access-key --user-name DZINA --access-key-id AKIA... --status Inactive
```

Kuzimitsa n'kosiyana ndi kufufuta, chifukwa wozimitsidwa mungathe kumuyatsanso china chikaima, pomwe wofufutidwa sabwerera. Chitani zimenezi kutatsala sabata ziwiri, muone zomwe ziime, muzikonze chimodzichimodzi, ndipo chilichonse mulembe m'chikalata. Kumbukirani kuti ntchito zina zimayenda kamodzi pa mwezi, monga malipoti a kumapeto kwa mwezi, ndipo sizidzaoneka m'sabata ziwirizo. Pa zimenezo onani Event history ya CloudTrail, yomwe imasunga masiku 90 ndipo imalola kufufuza pogwiritsa ntchito nambala ya kiyi. Malire ake ndi akuti imaonetsa chigawo chimodzi cha AWS pa nthawi, kutanthauza dera limodzi la dziko lapansi komwe makina ali, komanso kuika mafayilo mu S3 sikuoneka mmenemo, ndiye muonenso `crontab -l` pa seva iliyonse.

Gawo la netiweki likhale lalifupi, tsamba limodzi ndi chithunzi chimodzi, ngakhale chojambula pamanja. Yambani ndi kutchula zigawo za AWS zomwe muli ndi zinthu. Sikirini ya AWS imaonetsa chigawo chimodzi pa nthawi, ndipo munthu watsopano angayang'ane `eu-west-1` ya ku Ireland n'kuganiza kuti waona zonse, pomwe detabesi ili ku `af-south-1` ya ku Cape Town. Chigawo cha Cape Town chinatsegulidwa mu 2020 ndipo chimafunika kuchiyatsa kaye pa akaunti iliyonse, choncho akaunti yatsopano siichiona mpaka wina atachiyatsa. Kenako lembani maadiresi a VPC iliyonse, netiweki yanuyanu ya m'kati mwa AWS, monga `10.20.0.0/16`, masabuneti omwe ali oonekera ku intaneti ndi omwe ali obisika, komanso maadiresi a netiweki ya ku ofesi. Omalizawa ambiri amawaiwala. Mnzanuyo akadzapanga VPC ina yokhala ndi maadiresi ofanana ndi a ku ofesi, VPN yolumikiza mbali ziwirizi sidzadziwa kolowera.

Chofunika kwenikweni m'gawoli ndi zifukwa. Lamulo lililonse la mu Security Group lomwe likulola adiresi yakunja lifotokozedwe kuti adiresiyo ndi ya yani. Mudzapeza ya ofesi, ya kampani yomwe munagwira nayo ntchito zaka ziwiri zapitazo, mwinanso ya kunyumba kwanu. Ya kunyumba kwanu ichoke. Kuti muone magulu omwe ali otsegukira dziko lonse, lembani lamulo ili pa chigawo chilichonse:

```
aws ec2 describe-security-groups --filters Name=ip-permission.cidr,Values=0.0.0.0/0 --query "SecurityGroups[].[GroupId,GroupName]" --output table
```

Mapoti 80 ndi 443 a webusaiti ayenera kutseguka, koma 22, 3389 kapena 5432 wotsegukira aliyense ndi woti mumutseke kapena mulembe chifukwa chomveka chomwe alili choncho. Mbali inayo nayonso ilipo: maadiresi anu omwe anthu ena anawalola kwawo. Ngati banki kapena kampani yotumiza mauthenga a pa foni imangolandira zochokera ku Elastic IP yanu inayake, lembani m'zilembo zazikulu kuti adiresi imeneyo isamasulidwe. Munthu watsopano wofuna kuchepetsa bilu angaione ngati yongokhala n'kuimasula, ndipo ikatengedwa ndi kasitomala wina wa AWS simungaipezenso.

Domeni ikhale ndi ndime yakeyake. Komwe inalembetsedwa ndi komwe DNS yake ikuyendetsedwa nthawi zambiri ndi malo awiri osiyana. DNS ingakhale mu Route 53 pomwe domeniyo inalembetsedwa kwina, monga momwe zimakhalira ndi madomeni a `.mw`. Lembani tsiku lomwe itha, amene amalipira, ndi imelo yolandira chikumbutso. Onani ngati imelo ya root ija ili pa domeni yomweyi: ngati ili choncho, domeni ikatha, webusaiti ndi maimelo zimagwera limodzi, ndipo njira yobwezeretsera pasiwedi ya root imatsekeka nthawi yomweyo. Za masatifiketi, nenani ngati ndi a ACM, omwe amadzikonzanso okha bola mzere wa CNAME wotsimikizira usachotsedwe mu DNS, kapena a Let's Encrypt, omwe amakhala nthawi yochepa ndipo amadalira `certbot` kuti aziyenda pa seva.

Pa mabakapu ndi pomwe zikalata zambiri zimanama mosadziwa. Zimangoti mabakapu amachitika okha usiku uliwonse, basi. Chiganizo chimenecho sichithandiza munthu amene detabesi yamuwonongekera Lolemba m'mawa. Pa chinthu chilichonse chosungidwa, chikalata chiyankhe mafunso awa m'ziganizo zomveka: chikukoperedwa n'chiyani, kangati, kupita kuti, chimasungidwa masiku angati, ndani amauzidwa chikalephera, ndipo chinayesedwa liti kubwezeretsa. Mulembenso zomwe sizikukoperedwa n'komwe, kuti mnzanuyo asaganize kuti zilipo. Mugwirizanenso ndi abwana pa manambala awiri: ntchito ya maola angati yomwe bungwe lingapirire kutaya, ndi maola angati omwe lingadikire makina asanabwerere. Ngati bakapu imachitika kamodzi usiku, vuto logwa 4 koloko madzulo limatayitsa ntchito ya tsiku lonse, ndipo ndi bwino abwana adziwe zimenezo lero.

Ngati detabesi ili pa RDS, komwe AWS imakuyendetserani madetabesi, onani zomwe zilipodi:

```
aws rds describe-db-instances --query "DBInstances[].[DBInstanceIdentifier,BackupRetentionPeriod,LatestRestorableTime]" --output table
```

Nambala yapakatiyo ndi masiku omwe mabakapu odzichitikira okha amasungidwa, ndipo siingapitirire 35. Ikakhala 0 ndiye kuti mabakapuwo ndi ozimitsa. Ikakhala 1, mwina detabesiyo inapangidwa ndi lamulo lolemba pamanja popanda kutchula masiku, chifukwa njira imeneyo imaika tsiku limodzi lokha. Tanthauzo lake n'lakuti cholakwika chochitika Lachisanu n'kudziwika Lolemba sichingabwezedwenso. `LatestRestorableTime` iyenera kukhala ya mphindi zochepa zapitazo. Lembaninso chenjezo lakuti mabakapu odzichitikira okhawa amatha kupita limodzi ndi detabesi ikafufutidwa, pokhapokha wofufutayo atasankha kuwasunga, pomwe omwe munajambula nokha pamanja amakhalabe mpaka wina atawafufuta.

Bakapu yomwe sinayesedwe ili ngati nkhokwe yomwe simunaitsegule chikololereni: kunja ikuoneka yodzaza, koma simukudziwa zomwe anankafumbwe achita m'katimo. Ndiye kuyesa kubwezeretsa kuchitike musanachoke, ndipo wogwira kompyuta akhale mnzanuyo, inu mutakhala pambali osayankhula. Pa RDS kubwezeretsa sikulemba pamwamba pa detabesi yakale, kumapanga ina yatsopano pambali, choncho kuyesa sikuwononga kanthu kupatula ndalama ya maola ochepa:

```
aws rds restore-db-instance-to-point-in-time \
  --source-db-instance-identifier db-yaikulu \
  --target-db-instance-identifier db-yoyesera \
  --use-latest-restorable-time \
  --db-subnet-group-name GULU-LA-MASABUNETI \
  --vpc-security-group-ids sg-...
```

Apa ndi pomwe mudzaone zomwe chikalata chanu chasiya. Mukapanda kutchula Security Group, detabesi yatsopanoyo imalandira ya `default`, ndipo pulogalamu yanu imangodikira osalumikizika, ngati kuti detabesi yafa pomwe ili bwino. Parameter group nayo imabwerera ku ya `default` ngati simunaitchule, ndiye zosintha zanu zonse zimasowa. Adiresi yolumikizira imakhala yatsopano, choncho chikalata chinene fayilo kapena malo enieni omwe adiresi ya detabesi imalembedwa, ndi mmene pulogalamu imadzutsidwiranso. Mnzanuyo alowe mu detabesi yoyeserayo, awerenge mizere ya tebulo limodzi lodziwika, aone tsiku la mzere womaliza, alembe nthawi yomwe zonse zatenga kuyambira poyamba mpaka pamapeto, kenako aifufute. Nthawi imene yapezekayo ndiyo ilembedwe m'chikalata pamodzi ndi tsiku loyesera, osati yongoganizira. Funso lililonse lomwe wakufunsani ali m'kati moyesa ndi chiganizo chomwe chikusowa, ndipo muchiwonjezere pomwepo.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimapha mabakapu abwinobwino, ndipo zonse ziyenera kutchulidwa. Choyamba ndi makiyi a KMS, omwe AWS imakiyira deta. Bakapu yokiyidwa singatseguke popanda kiyi yemwe anaikiya. Wina akalamula kuti kiyiyo afufutidwe, AWS imadikira masiku apakati pa 7 ndi 30, ndipo akadutsa, mabakapu onse odalira kiyiyo amasanduka zinyalala ngakhale akuonekabe pa mndandanda. Lembani kiyi aliyense ndi zomwe amakiya. Onaninso Key policy yake ngati ikutchula dzina lanu lokha monga woyang'anira, chifukwa dzinalo likafufutidwa pangasowe wolamulira kiyiyo, ndipo pamatsala kupempha thandizo kwa AWS. Chachiwiri ndi kusunga mabakapu mu akaunti yomweyo yomwe muli makina. Wakuba amene wapeza mphamvu za adimini amafufuta zonse ziwiri, ndipo akaunti ikaimitsidwa zonse zimatsekeredwa pamodzi. Payenera kukhala kope lina mu akaunti ina kapena kunja kwa AWS. Ngati mulibe, musayambe ntchito yaikuluyo m'sabata yomaliza, koma lembani kuti palibe. Dziwaninso kuti bakapu ya RDS yokiyidwa ndi kiyi wa AWS mwini, `aws/rds`, singagawidwe ku akaunti ina mwachindunji. Imafunika kukoperedwa kaye pogwiritsa ntchito kiyi wanuwanu. Ndipo ngati zakale munazitumiza ku Glacier Deep Archive pofuna kuchepetsa mtengo, nenani kuti kuzitulutsa kumatenga mpaka maola 12, kapena 48 pa njira yotchipa.

Tsopano malo osungira zinsinsi. Pali mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi kwawo. Zomwe anthu amalemba polowa, monga pasiwedi ya komwe munalembetsa domeni kapena ya rauta ya ku ofesi, zikhale mu pulogalamu yosungira mapasiwedi ya bungwe, monga Bitwarden, 1Password kapena KeePassXC, ndipo oyang'anira ake akhale awiri. Zomwe mapulogalamu amawerenga okha, monga pasiwedi ya detabesi, zikhale mu Secrets Manager kapena Parameter Store. Mtundu wachitatu ndi wa pangozi: pasiwedi ya root ndi chipangizo chake cha MFA. Zimenezi zisasungidwe m'kati mwa akaunti yomwe zimatsegula. Pasiwedi ya root yoikidwa mu Secrets Manager ya akaunti yomweyo ilibe ntchito pa tsiku lomwe ikufunika, chifukwa tsikulo ndi lomwe palibe akutha kulowa. Ine ndimakonda kuti pasiwedi ikhale mu envulopu yomata mu sefa, chipangizo cha MFA chikhale kwa munthu wina, kuti pasakhale mmodzi wogwira zonse. Chikalata chenichenicho nacho chisakhale mu AWS mokha, pakhale kope lomwe lingawerengedwe makina onse atazima.

Cholembedwa chimodzi chingaoneke motere: pasiwedi ya detabesi yaikulu ili mu Secrets Manager, chigawo cha `af-south-1`, pansi pa dzina lakuti `prod/db/app`, imawerengedwa ndi Role ya seva ya webusaiti, inasinthidwa komaliza pa tsiku lakuti, ikasinthidwa, pulogalamu iyenera kudzutsidwanso kuti itenge yatsopano. Mbali yomalizayi ndiyo yamtengo wapatali, chifukwa anthu amaopa kusintha mapasiwedi posadziwa chomwe chiime akasintha.

Fufuzaninso malo omwe zinsinsi zimabisala popanda kuikidwa dala. Mafayilo a `.env` pa maseva ndi amodzi mwa malowo. Fayilo ya `terraform.tfstate` imasunga mapasiwedi osabisa, ndipo ngati ili pa laputopu yanu yokha, isamutsireni ku baketi yotetezedwa, apo ayi mnzanuyo akadzayendetsa Terraform idzaganiza kuti palibe chomwe chinapangidwa n'kuyesa kupanganso zonse. Mu Git, chinsinsi chomwe chinalowamo kamodzi chimakhalabe m'mbiri ngakhale munachifufuta mu fayilo, ndiye mankhwala ake ndi kuchisintha. Kiyi wa SSH wa `.pem` yemwe munatsitsa popanga maseva AWS siimusunga, komabe musamutumize pa WhatsApp. Mnzanuyo apange kiyi wakewake, mbali yake yoonekera muiike mu `authorized_keys` pa seva iliyonse, alowe inu mukuona, kenako mzere wanu uchotsedwe.

Chilichonse chomwe munachidziwa kapena kuchiona chisinthidwe mukachoka. Si nkhani yokukayikirani. Zimakutetezani inu nomwe, chifukwa china chikadzasokonekera miyezi itatu kutsogoloku, palibe adzakuganizireni ngati zikudziwika kuti makiyi onse anasinthidwa. Ndiye tsamba lomaliza la chikalata likhale ndondomeko ya kusinthaku, molingana ndi kuopsa kwake. Root, imelo yake ndi malo olembetsera domeni zisinthidwe pa tsiku lanu lomaliza, mnzanuyo akulemba mapasiwedi atsopano inu osaona. Mapasiwedi a madetabesi ndi makiyi a mapulogalamu atsatire m'sabata zotsatira, chimodzi pa tsiku, m'mawa wa tsiku la ntchito osati Lachisanu madzulo, kuti china chikaima chidziwike kuti chaimitsidwa ndi chiyani. Dzina lanu la mu IAM lichotsedwe pasiwedi ndi kuzimitsidwa makiyi pa tsiku lanu lomaliza lomwelo, koma lisafufutidwe mpaka kumapeto kwa mwezi wotsatira, ntchito za kamodzi pa mwezi zija zitayenda bwino popanda inu. Pansi pake mulembe ngati mukulola kufunsidwa mukachoka, kudzera njira iti, ndi kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo inu, mnzanuyo ndi abwana musainire limodzi ndi kulemba tsiku.